Masiku anayi pa sabata: kuchotsa mafuta osataya minofu

"Achimwene, ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka ziwiri. Ndinkalemera makilogalamu 92, ndipo m'masabata asanu ndatsika kufika pa 86. Kuti mafuta apse msanga ndinachepetsa zitsulo, ndimachita marepu 20 pa seti, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Vuto n'lakuti pa benchi ndinkakankha 80 kasanu, pano ngakhale 70 ikundikanika, mikono yaphwa koma mimba ikadalipo. Ndikufuna kumapita ku jimu masiku anayi okha. Ndiwagawe bwanji?"

Achimwene, ndiyambe ndi zitsulo zimene munachepetsazo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Thupi likamalandira chakudya chochepa limayamba kufufuza zoti lichotse, ndipo mnofu umene sukugwira ntchito yolemetsa limauona ngati katundu wongodya chabe. Chimene chimaliuza kuti mnofu uwu usakhudzidwe ndi chitsulo cholemera. Marepu 20 a chitsulo chopepuka amatulutsa thukuta, inde, koma ngati mukusiya seti mphamvu zikadali zambiri, mnofu sumva kuti ukufunika. Mafuta amachoka chifukwa cha zimene zili m'mbale. Ntchito ya jimu pa nyengo imeneyi ndi kulondera minofu imene munaivutikira kale.

Gawani chonchi. Lolemba thupi la kumtunda, Lachiwiri miyendo, Lachitatu mupume, Lachinayi kumtunda, Lachisanu miyendo, Loweruka ndi Lamulungu kupuma. Mnofu uliwonse ukugwira ntchito kawiri pa sabata, ndipo ukupeza masiku awiri kapena kuposerapo oti uchire usanabwererenso pa chitsulo. Munthu amene akudya mopereweza amachira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake masiku asanu ndi limodzi aja ankakudyani.

Lolemba ndi tsiku lolemera. Yambani ndi benchi, maseti atatu a marepu 5 mpaka 6. Kwa inu panopa ndi makilogalamu 65 kapena 67.5, osati 80 wakale uja, mubwererako. Kenako kukoka baa mutawerama, maseti atatu a 6 mpaka 8. Kukankha baa m'mwamba mutaimirira, maseti awiri a 6 mpaka 8. Mapulapu, aja mumadzikoka m'mwamba mutalendewera pa baa, maseti awiri. Mumalize ndi maseti awiri a kutsogolo kwa mkono ndi awiri a kumbuyo kwake. Basi, kazipitani kunyumba.

Lachiwiri sikwati, maseti atatu a 5 mpaka 6. Kenako dedilifiti ya ku Romania, ija mumaweramira m'chiuno mawondo atangopindika pang'ono mpaka mumve kumbuyo kwa ntchafu kukukoka, maseti atatu a 8. Malanji a madambelo, aja mumaponya phazi limodzi kutsogolo n'kutsika, maseti awiri, akatumba maseti atatu, ndi zolimbitsa pamimba pang'ono.

Lachinayi ndi Lachisanu minofu ndi yomweyo, koma marepu akwere kufika pa 8 mpaka 12 ndipo musinthe kachitidwe kuti mfundo zipumeko. Lachinayi benchi yopendekeka ya madambelo, mapulapu kapena makina okokera pansi, kukoka dambelo ndi dzanja limodzi, kukweza madambelo m'mbali, ndi mikono. Lachisanu muyambe ndi dedilifiti wamba, maseti awiri okha a marepu 5, chifukwa imeneyi imatopetsa msana kuposa zonse. Mutsatize makina okankha ndi miyendo, kapena sikwati ya mwendo umodzi phazi linalo litatsamira pa benchi ngati jimu yanu ilibe makina, kenako kumbuyo kwa ntchafu ndi akatumba.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphonya pa ndondomeko ngati iyi. Choyamba ndi kupuma pakati pa maseti. Pa benchi, sikwati ndi dedilifiti pumani mphindi ziwiri kapena zitatu zathunthu. Ndikudziwa kuti munthu wofuna kuonda amaona ngati kukhala pansi n'kutaya nthawi, koma mukathamangira, seti yachiwiri imagwa ndipo mumakakamizika kuchotsa zitsulo pa baa. Chachiwiri, seti iliyonse izithera pamene mwatsala ndi repu imodzi kapena awiri. Musasiye mutatsala ndi asanu, komanso musamafike pokanikiratu tsiku lililonse.

Sabata ina mudzafika ku jimu muli wofooka, tulo simunagone bwino, miyendo ili lendelende. Tsiku limenelo chotsani seti, musachotse chitsulo. Maseti awiri a makilogalamu 67.5 amasunga mnofu kuposa maseti anayi a 50 ongochita mwamwambo. Ine izi ndinaziphunzira mochedwa. Chaka china ndinaonda mofulumira ngati inuyo, ndipo ndinazindikira tsiku limene malaya amene ankandithina m'mapewa anayamba kulendewera, pamene lamba ndinali nditangomusuntha bowo limodzi. Zinandipweteka mtima, chifukwa mapewa amenewo ndinawamanga zaka zitatu.

Tsopano liwiro lanu. Makilogalamu 6 m'masabata asanu ndi kuthamanga kwambiri kwa munthu amene akufuna kusunga minofu, ngakhale kuti ena mwa iwo anali madzi a masiku oyamba. Mulingo wabwino ndi kutsika ndi 0.5 mpaka 1 peresenti ya kulemera kwanu pa sabata. Pa 86 ndiye kuti magalamu 430 mpaka 860, ndipo ine ndikadakonda mukhale cha pa theka la kilogalamu. Zikutanthauza kuti muwonjezere chakudya pang'ono pa chimene mukudya panopa.

Mapuloteni muzipeza magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa inu tinene cha m'ma 150 pa tsiku. Sizifuna zitini zodula za ufa uja. M'mawa mazira atatu ndi kapu ya mkaka, apo ndi magalamu pafupifupi 26. Masana soya wouma magalamu 50 ndi kapu ya nyemba zophika, mwapezanso 40. Madzulo nkhuku yophika magalamu 150 ikupatsani cha m'ma 45. Onjezani usipa wouma magalamu 50 ndi kapu ya chambiko penapake, mwayandikira.

Nsima musaithawe. Ndi imene idzakukankhireni sikwati Lachiwiri. Ngati munkadya mitanda itatu, idyani iwiri, ndipo masiku a miyendo musaichepetse kuposa apo. Kochepetsa kwenikweni ndi ku mafuta ophikira: sipuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo mu poto wa ndiwo timathira osayeza. Tchipisi cha pa chiwaya, zakumwa zotsekemera, mowa wa Loweruka ndi mtedza wongotafuna pocheza, zimenezo ndi zimene zimasunga mimba. Masiku opuma muziyenda pansi mphindi 30 kapena 40. Ngati mumakonda kuthamanga, musathamange kwambiri dzulo lake la tsiku la miyendo.

Gulani kope laling'ono, muzilemba chitsulo ndi marepu a seti iliyonse. Muzikwera sikelo m'mawa katatu kapena kanayi pa sabata musanadye, n'kutenga avereji, chifukwa mchere ndi madzi zimasuntha sikelo tsiku ndi tsiku. Lamulungu lililonse yezani mimba ndi tepi ya telala, podutsa pa mchombo. Tepi ikamatsika koma manambala a m'kope ali pomwepo kapena akukwera, zikuyenda. Tsiku limodzi loipa lisakudetseni nkhawa. Koma benchi, sikwati ndi kukoka zikatsika zonse kwa masabata awiri otsatizana, yang'anani tulo poyamba, ngati mukugona maola osachepera asanu ndi awiri. Tulo tikakhala kuti tili bwino, bwezerani mtanda wa nsima uja, mudye mokwanira kwa sabata imodzi, ndipo sabata imeneyo maseti muwadule ndi theka.

Pakatha masabata anayi ndilembereninso. Munditumizire manambala atatu: avereji ya sikelo, tepi ya pa mchombo, ndi chimene mukukankha pa benchi Lolemba.