Mwambi woti n'kutumizira mnzako amene akudziimba mlandu pa imfa ya mayi ake

"Mnzanga wapamtima ndi namwino, ndipo mayi ake anamwalira masabata 2 apitawo. Akungodziimba mlandu kuti iye wodziwa za matenda sanazindikire msanga kuti mayi ake adwalika. Ndikufuna kumulembera uthenga wokhala ndi kamwambi kakafupi, koma uliwonse umene ndauganizira ukumveka ngati ndikumulalikira. Ndisankhe uti?"

Khutu lanu silikukunamizani. Miyambi yathu yambiri ndi yolangira ndi yochenjeza, yoti munthu aimve tsoka lisanagwe. Ikanenedwa tsoka litagwa kale imasanduka chiweruzo. Choncho mwambi uliwonse umene wakubwererani m'mutu muufunse funso limodzi ili: chala chake chikuloza ndani? Wina umaloza wovutikayo, wina umaloza tsokalo, wina umaloza inu ndi iye pamodzi. Woloza wovutikayo muusiye, ngakhale ukhale wokoma motani.

Kuuzindikira sikovuta chifukwa kapangidwe ka mawu kamaulula. Mwambi umene ukuyamba ndi lamulo, monga "Sunga khosi mkanda uoneka", ukupatsa munthu ntchito yoti agwire, ndipo wolira alibe mphamvu yogwira ntchito. Mnzanuyo angadzifunse kuti mkanda wake ndi uti, poti mayi sabwera kawiri. Wina ndi uja wokhala ndi munthu wopusa m'kati mwake, Safunsa amene anadya phula, kapena Zengerezu amene analinda kwawukwawu. Womvayo amadziwa msanga kuti Zengerezuyo ndi iye. Kwa munthu amene usiku uliwonse akuwerenga masiku amene anachedwa kupita ndi mayi ake kuchipatala, mwambi wotere ndi mpeni.

Woopsa kwambiri ndi umene umaoneka wofatsa. Ine unandigwetsapo. Msuweni wanga atapita padera, ndinakhala naye pakhonde madzulo, iye akukanda kapu yopanda kanthu ndi chikhadabo, akufotokoza za tizovala timene anali atagula kale. Atangopuma pang'ono ndinati, "Madzi akatayika saoleka." Analeka kukanda kapu ija, n'kundiyankha kuti, "N'zoona," ndipo sanatchulenso za mwanayo pamaso panga kwa chaka chathunthu. Sindinaname, koma chimene anamva n'choti alire mofulumira, zatha. Chiyambireni tsiku limenelo ndimadziwa chizindikiro cha mwambi wolakwika: munthu amavomera mwaulemu, "n'zoona" kapena "zikomo", kenako n'kutseka nkhani. Mwambi ukagwera pabwino munthu amapitiriza kulankhula, nthawi zina kuliranso kumene.

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" anthu amautchula kawirikawiri pa zovuta, koma mwini wake ndi inu woonerera. Ukukukumbutsani kuti mudzuke mukamuone mnzanu. Mukaupereka kwa iye, nkhani yachoka pa mayi ake yafika pa mantha anu.

Pa nkhani ya mnzanuyi ine ndingasankhe "Tsoka silinunkha." Ndi mawu awiri okha, mulibe lamulo, mulibe "iwe", ndipo chala chikuloza tsoka. Chimene chikumudya mtima si imfa yokha ayi, ndi ganizo loti panali chizindikiro ndipo iye sanachione. Mwambiwu ukuyankha ganizo lomwelo: tsoka likamabwera silitumiza fungo patsogolo, ngakhale kwa munthu wophunzira za matenda. Sukumuuza kuti aleke kulira, ndiponso sukumulonjeza kuti mawa zikhala bwino.

Pali wina umene mwina wakukopani chifukwa ukuoneka ngati unapangidwira iyeyo: "Mbalame ikatera pa uta silasika." Tanthauzo lake n'loti luso limene umathandiza nalo ena limakukanika vuto likafika pafupi kwambiri ndi iwe. Ndimaukonda, koma sindingaulembe mu uthenga. M'kati mwake muli kuvomereza kuti mbalame sinalasidwe, kuti panali cholephereka. Ukawerengedwa pa foni pakati pa usiku, popanda nkhope yanu ndi kamvekedwe ka mawu anu, ungamveke kuti inunso mukuti analephera. Usungeni mpaka tsiku limene mudzakhale naye pansi, iye yekha n'kunena kuti, "Ndimathandiza mayi a ena tsiku ndi tsiku, koma anga ndinawalephera." Pamenepo mwambiwo ukhala ukuyankha mawu ake, ndipo umuuza kuti chimene chamuonekeracho anthu anachidziwa kalekale, mpaka anachipezera mawu.

Malo a mwambi mu uthenga ndi ofunika ngati mwambi womwewo. Ukakhala koyamba umamveka ngati mutu wa ulaliki. Ukakhala komaliza umamveka ngati chigamulo, ndipo munthu amasowa choyankha. Uikeni pakati, mutatchula kaye chimene munaona ndi maso anu, ndipo pambuyo pake pabwere chimene inu muchite. Mwachitsanzo, ngati zinalidi choncho:

"Mnzanga, ndakhala ndikuganizira zimene unanena tsiku lija, zoti ukanazindikira msanga. Ine ndinakuona m'mene unkathamangira kwa amayi ukaweruka, usanavule n'komwe yunifolomu. Tsoka silinunkha, mnzanga. Loweruka masana ndibwera tidzakhale limodzi. Ukadzafuna kukamba za amayi ndidzamvetsera, ukadzafuna kungokhala chete tidzakhala chete."

Onani kuti sindinayambe ndi "akuluakulu amati" kapena "paja mwambi umati". Mawu amenewa amakukwezani pa nsanja, mnzanu n'kutsala pansi. Sindinaumasulirenso. Mukangowonjezera kuti "kutanthauza kuti usamadziimbe mlandu", mwabweza lamulo lija munalithawa, ndipo ulaliki wayamba. Mwambi umodzi, kamodzi, basi. Iwiri yotsatizana imaonetsa kuti mumafufuza mawu okoma m'malo momuganizira iye.

Za yunifolomuzo musakopere ngati simunazione. Ikanipo chanuchanu chimene mukukumbukira, kaya ndi mafoni amene ankaimbira mayi ake m'mawa uliwonse, kaya ndi usiku umene anagona pampando pambali pa bedi lawo. Chinthu choonadi chimenecho ndicho chimapatsa mwambi pokhazikika. Popanda icho, "tsoka silinunkha" angaumve ngati mawu amene mungauze aliyense.

Mwina mungafune mwambi wa mtundu wachitatu uja, woloza nonse awiri. "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu" ndi wabwino chifukwa ukunena za awiri, wolankhula ali m'kati momwemo. Koma umenewu ndi lonjezo, ndipo mukaunena n'kusaoneka Loweruka lija, udzamupweteka kuposa kukhala chete. "Mutu umodzi susenza denga" samalani nawo kwa mnzanuyu, angamve kuti mukumudzudzula kuti anasenza yekha matenda a mayi ake osapempha thandizo.

Musanatumize, werengani uthengawo mokweza, mukumuona m'maganizo atakhala patsogolo panu maso atatupa. Pomwe lilime lanu lachita manyazi, pachotseni. Ngati ndi pa mwambi pomwepo, chotsani mwambiwo, uthenga wotsalawo ukwanira. Ndipo akakuyankhani kuti, "Ayi, linanunkha, ine ndi amene sindinamve," musalimbane naye pofuna kuteteza mwambi wanu, kapena kutumiza wina wachiwiri. Muimbireni foni, mumufunse kuti akuuzeni m'mene zinayendera kuyambira tsiku limene amayi anayamba kudandaula, ndipo mumulole afotokoze mpaka amalize.