Zoyenera kuona musanakadzaze fulashi ku Blantyre

"Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi Ngabu. Tili ndi makompyuta 10 a Windows 10 amene tinapatsidwa, koma netiweki ndi yofooka ndipo bandulo sichedwa kutha. Ndinapita ku Nchalo kukadawuniloda Chrome ndi apudeti ya Windows pa fulashi. Nditabwerako, Chrome ikufunanso intaneti, pamene apudeti ikungolemba kuti The update is not applicable to your computer. Ndalakwitsa pati? Mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Blantyre."

Zikomo aphunzitsi pondilembera. Ndiyambe ndi Chrome, poti ndiye chapafupi. Taonani kukula kwa fayilo imene munatengayo. Ngati dzina lake ndi ChromeSetup.exe ndipo ndi ya ma MB ochepa chabe, imeneyo si Chrome yeniyeni, ndi kamthenga kongopita pa intaneti kukaitana pulogalamuyo. Yathunthu imaposa 100 MB, ndipo imapezeka mukalemba `google.com/chrome/?standalone=1`. Firefox nayo ili ndi mitundu iwiri: Firefox Installer.exe ndi kamthenga, pamene yathunthu dzina lake limayamba ndi Firefox Setup kenako nambala. LibreOffice ndi VLC zimabwera zathunthu kale. Mukamasaka pulogalamu ina iliyonse, onjezerani mawu akuti `offline installer`, koma mutenge pa tsamba la eni pulogalamuyo basi. Kuyesa kwake n'kosavuta: muli komweko, zimitsani intaneti pa laputopu n'kutsegula fayiloyo. Ikayamba kudandaula, mwadziwira pamalo poti mungathe kukonza.

Nkhani ya apudeti ndiyo yofuna kukhalira pansi, chifukwa ntchito yake imayambira m'kalasi mwanu momwemo musanakwere minibasi. Makompyuta opatsidwa kawirikawiri amafanana kunja kokha. Tengani kope, mupite pa kompyuta iliyonse, mudine batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `winver`. Pabwera kabokosi konena Version, monga 22H2, 21H1 kapena 1909. Lembani. Kenako mulowe mu Settings, System, About, muone pa System type ngati ndi 64-bit kapena 32-bit. Fayilo ya apudeti imapangidwira Version yakeyake ndi mtundu wakewake, ndiye chimodzi mwa ziwirizi chikasiyana, uthenga wake ndi womwe munauonawo. Umabweranso ngati kompyutayo ili kale ndi apudeti yoposa imene mukuikayo.

Tiyerekeze kuti mwapeza 7 ali pa 22H2, atatu ali pa 1909, onse 64-bit. Ma 7 aja akufuna fayilo imodzi yokha. Ma apudeti a Windows 10 amasonkhanitsa zonse za m'mbuyo, choncho palibe chifukwa chotolera a mwezi ndi mwezi. Pa `catalog.update.microsoft.com` musake KB5066791, musankhe mzere wolembedwa Windows 10 Version 22H2 for x64-based Systems. Mupeza fayilo yothera ndi .msu, ya ma MB mazana angapo. Ndatchula nambala imeneyi chifukwa Microsoft inasiya kupereka ma apudeti aulere a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo iyi ndi ya tsiku limenelo. Ambiri mwa atsopano amene muwaone pa tsambalo ndi a makompyuta olembetsedwa mu ESU, ndondomeko ya Microsoft yotalikitsa nthawi yolandira ma apudeti a chitetezo, musatayirepo bandulo. Ikalowa bwino, `winver` ionetsa OS Build 19045.6456.

Atatu a 1909 aja fayiloyi aikana ngakhale muyese kangati. Amenewa ayambe akwezedwa kufika pa 22H2, ndipo popanda intaneti njira yake ndi fayilo ya ISO, imene imakhala ndi Windows yathunthu. Ku Blantyre, tengani Media Creation Tool pa tsamba la Microsoft, musankhe zopangira kompyuta ina, kenako ISO file. Pali pamene ambiri amapunthwa: chilankhulo cha ISO chiyenera kufanana ndi cha Windows imene ili pa kompyutayo. Mukatenga English (United Kingdom) pamene makinawo ndi a English (United States), mwayi wosunga mapulogalamu sudinika. Ndiye m'kope muja mulembenso zimene lamulo ili likuonetsa pa Default system UI language, mutatsegula Command Prompt ngati administrator:

```
dism /online /get-intl
```

Kusukulu, koperani ISO pa kompyutayo, muidine kawiri, mutsegule setup.exe. Pa tsamba loyamba dinani Change how Windows Setup downloads updates n'kusankha Not right now, apo ayi ikhalira kusakasaka netiweki. Musanadine Install, tsimikizani kuti palembedwa Keep personal files and apps. Ntchitoyi pa makina akale imatha kudya maola awiri, ndipo magetsi akazima pakati ndi pamene Windows imawonongeka. Ine ndimayamba ndi kompyuta imodzi m'mamawa kusanatenthe, mafayilo ofunika nditawasunga kaye kwina. Kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kumazimitsa makina afumbi okhaokha, choncho yambani mwapukuta timabowo ta mpweya. Ikafika pa 22H2, muikenso .msu ija.

ISO imeneyi imaposa 4 GB, ndipo apa fulashi nayo ili ndi zake. Mafulashi ambiri a 32 GB kutsika pansi amagulitsidwa ali FAT32, imene silola fayilo imodzi yoposa 4 GB. Imalemba kuti The file is too large for the destination file system ngakhale malo alipo ambiri. Musananyamuke, chotsani zonse zili momwemo, muidine ndi batani la kumanja, musankhe Format kenako exFAT. Ya 16 GB ikwana. Koma chenjerani ndi mafulashi otchipa olembedwa kukula kwabodza: amaoneka ngati alandira zonse, koma mafayilo ake amakhala owonongeka. Zinandichitikirapo nditafika kale ku East Bank, ndipo tsiku lonse linapita pachabe. Kuyambira pamenepo, ndikakopera fayilo yaikulu ndimatulutsa fulashi, n'kuibwezeranso, n'kuyesa chonchi:

```
certutil -hashfile E:\Windows.iso SHA256
```

Pa E muikepo chilembo cha fulashi yanu. Chitaninso chimodzimodzi pa fayilo imene ili mu laputopu. Mizere iwiri ya manambala ndi zilembo imene ituluke ifanane ndendende. Ikasiyana, koperaninso, ndipo ikasiyana kachiwiri fulashiyo ndi yoti muisiye.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'masukulu ndi vayirasi ija yobisa mafoda n'kusiya timashotikati. Fulashi imodzi yoyenda m'makompyuta 10 ikhoza kuitola pa woyamba n'kuigawira onse. N'chifukwa chake ndimafuna fayilo yoyamba kutsegulidwa pa kompyuta iliyonse ikhale mpam-fe.exe, imene imadziwitsa Microsoft Defender za mavayirasi atsopano. Ili pa `microsoft.com/wdsi/defenderupdates`, ya 64-bit payokha, ya 32-bit payokha. Mukaidina sionetsa kalikonse, musaganize kuti yakanika. Pakapita mphindi zingapo, lowani mu Windows Security, Virus & threat protection, muone ngati deti la Protection updates lasintha, kenako muchite Full scan. Iyi ndi fayilo yosachedwa kukalamba, ndiye muitenge pa tsiku lobwerera, ndipo wina aliyense wa pasukulupo akamakwera ku Blantyre muzimutuma yatsopano.

Mukatsika ku Thabwa n'kufika kunyumba, musathamangire kulowetsa fulashiyo m'makina a m'kalasi. Yambani mwakopera zonse mu laputopu imene mukuidziwa kuti ndi yoyera. Mukadzaona mafoda a pa fulashi asanduka timashotikati, musadinepo kalikonse. Ichiteni Format, mudzazenso kuchokera mu laputopu ija, ndipo kompyuta imene munaichotsamo komaliza ndi imene muyambe kuitsuka.