Achimwene akapempha ndalama za mpamba

"Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimachita geni ya usipa. Ndimakagula ku Makawa ndi ku Malembo m'boma la Mangochi n'kukagulitsa ku Limbe. Mpamba wanga wonse ndi K600,000. Achimwene anga aakulu, amene amakhala kwa M'baluku, andipempha kuti ndiwabwereke K350,000 yoti awonjezere pogula njinga yamoto ya kabaza, ati azibweza pang'onopang'ono. Chaka chatha ndinawabwereka K80,000 ndipo mpaka lero sanaitchulepo. Sindikufuna kupereka, koma ndi iwo eni mbumba kwathu ndiponso malume a ana anga. Ndinangowayankha kuti ndiona. Ndiwakanire bwanji kuti tisadane?"

Amayi, ndiyambe ndi masamu, chifukwa munthu amene sanakhazikike mumtima mwake kuti akukaniranji amagwedezeka akangoona nkhope ya mbale wake itagwa. Mukachotsa ndalama imeneyi mutsala ndi K250,000, ndipo pa yotsalayo payenera kuchoka yoyendera popita kunyanja, yolipira onyamula, yokwezera matumba pagalimoto ya ku Limbe, chiphaso cha mumsika ndi chakudya cha panjira. Zambiri mwa zimenezi sizitsika chifukwa choti mwagula nsomba zochepa, kotero kuti ulendo umene kale unkasiya phindu ukhoza kumangobweza zimene mwalowetsa. Mukudziwanso kundiposa ine kuti usipa supezeka mofanana nthawi zonse: mwezi ukamawala asodzi a nyali amapha pang'ono, mwera ukamaomba m'miyezi yozizira mabwato ambiri sapita panyanja, ndipo mtengo pagombe umakwera. Amene amapulumuka masiku oterowo ndi wamalonda amene mpamba wake uli wathunthu. Choncho zimene mukupemphedwa si ndalama zapadera zimene zangokhala, koma ntchito imene ikudyetsa adzukulu a mayi anu, amenenso ali mbumba ya achimwenewo. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, pakuti ndi yoona, ndipo ndi yomwe mudzawauze.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi yankho lija loti muona. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ndikuvomereza kuti wamkulu sakanidwa mwamwano kapena mothamanga. Koma ulemu umenewu uyenera kukhala m'kayankhulidwe, osati m'kumusiya munthu ali m'malere. Pamene inu mukuganiza kuti achimwene amva okha kuti zakanika, iwo mwina auza kale mwini njinga kuti awasungire, auzanso alamu anu kuti achemwali avomera. Tsiku lililonse limene likudutsa likukulitsa manyazi amene adzakhale nawo, ndipo pa nkhani zoterezi abale amadana chifukwa cha manyazi kuposa chifukwa cha ndalama. Ndikukupemphani kuti sabata ino isathe musanawapatse yankho lomveka.

Mupite nokha kunyumba kwawo. Kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi kukafika kwa M'baluku si ulendo wautali, ndipo kufika kwanuko ndi theka la yankho, chifukwa kumasonyeza kuti pempho lawo mwalitenga ngati nkhani yaikulu. Uthenga wa pafoni umawerengedwa mobwerezabwereza, umaonetsedwa kwa ena, ndipo sunyamula mawu ofatsa amene munaulemba nawo. Mutengeko kandiwo ndi shuga monga mmene mumachitira mukamakacheza, osapitirira apo, kuti zisaoneke ngati mukugula chikhululuko. Mukapatsana moni ndi kufunsana za moyo wa pakhomo, muwapemphe kuti muyankhulane pa awiri. Mwini mbumba akakanidwa pamaso pa mkazi wake kapena ana amakakamizika kukwiya kuti ateteze ulemu wake, pamene mseri akhoza kungopukusa mutu n'kumvetsa.

Mawu ake akhoza kukhala otere: "Achimwene, nkhani munandiuza ija ndaiganizira mofatsa, ndipo maganizo ogula njinga ndi abwino. Koma ndalama imene ndili nayo ndi yomwe ndimagulira nsomba, ndipo ndikachotsapo yochuluka chotero geni iima, ana asowa chakudya ndi fizi. Pepani kwambiri, sinditha kukubwerekani. Ndabwera ndekha kuti musamadikire ine pamene mukanatha kuyang'ana kwina." Mukatero mukhale chete ndipo muwalole ayankhule. Anthu ambiri amagwa pamenepa, chifukwa bata likawalemera amayamba kuwonjezera zifukwa, ndipo chifukwa chilichonse chowonjezera chimatsegula khomo loti mukambirane mtengo. Mukanena kuti mwezi uno zavuta, adzafunsa za mwezi wamawa. Mukanena kuti mwagula kale nsomba, adzadikira kuti mugulitse. Chifukwa chimodzi choona, chimene sichisintha ndi mwezi, chimakwanira, ndipo akachonderera mubwereze chomwecho modekha m'mawu ena.

Musanene kuti mulibe ndalama. Mangochi ndi wamng'ono pa nkhani zotere; wina adzakuonani pagombe mukuwerenga ndalama pafupi ndi thandala, kapena mukukweza matumba pagalimoto, ndipo mbiri idzafika kwa M'baluku inu musanafike ku Liwonde. Achimwene akhoza kukhululuka kuti munawakaniza, koma kudzakhala kovuta kuti aiwale kuti munawanamiza, chifukwa bodza limawauza kuti mumawaona ngati munthu wofunika kumuzemba.

Palinso njira ina imene amayi ambiri amathawirako, yonena kuti bambo a kunyumba ndi amene akana. Ngati muli pabanja, ndikukuchenjezani ndi mtima wonse kuti musachite zimenezi. Kuno kwathu, kumene mbumba imayendera kuchikazi, mwamuna wanu ndi mlamu chabe pamaso pa achimwene anu, ndipo achimwenewo ayenera kuti ndi ankhoswe a banja lanu kapena ndi amene adzakhale pabwalo tsiku limene mudzasemphane maganizo m'nyumba. Mukawasenzetsa amuna anu mlandu wa kukanaku, inu mudzapepukidwa tsiku limodzi, koma mudzakhala mutadzala chidani pakati pa anthu awiri amene ana anu amawadalira onse, ndipo chidani cha pachilamu sichizirala msanga ngati cha anthu obadwa mimba imodzi. Geni ndi yanu, choncho yankho likhalenso lanu.

Za ngongole ya chaka chatha, musazitchule tsiku limeneli, ngakhale kuti zidzakhala zili pakamwa. Mukazitchula, achimwene sadzamvanso za mpamba. Adzangomva kuti mukuwalanga ndi kuti simuwakhulupirira, ndipo kukambirana kudzasanduka mlandu. Nkhani imeneyo muigamule nokha mumtima nthawi ina. Ngati mukuifunadi ndalamayo, mudzaifunse padera pakapita miyezi, mwina powapempha kuti azibweza K10,000 pamwezi. Ngati mukuona kuti sidzabwera, ndi bwino kudzawauza tsiku lina kuti ija musavutike nayo, inali thandizo. Ngongole imene sitchulidwa komanso sikhululukidwa imachititsa kuti wobwereka aziopa kukumana nanu, ndipo sindingadabwe ngati mwaona kale kuti kubwera kwawo kwanu kunachepa chibwerekereni ndalamayo.

Kodi muyenera kuperekako kanthu? Ngati mungathe, inde, koma mwa njira imodzi yokha: ikhale mphatso, yochokera pa phindu osati pa mpamba, ndipo ikhale ndalama imene simudzaiwerenganso. Tiyerekeze kuti K30,000 singagwedeze ulendo wanu wotsatira. Mukhoza kunena kuti, "Iyi si ngongole, ndi dzanja langa pa njingayo, mukadzaipeza ina yonse mudzandiuze ndidzakupatseni." Kuimangirira pa kugula kwenikweni kwa njinga kumathandiza kuti isathere pa zina, ndipo kumasonyeza kuti mukufuna ntchitoyo itheke. Chimene simuyenera kuchita ndi kugawa pakati, kuwabwereka K175,000 chifukwa cha chisoni, pakuti ndalama imeneyo sigula njinga, imapundula geni yanu, ndipo imawonjezera ngongole yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Samalaninso ndi pempho limene limabwera pambuyo pa kukana kotere, loti muwatengere ngongole ku banki m'khonde m'dzina lanu. Gulu limadziwa inu, osati achimwene anu, ndipo akalephera kubweza, chiwongoladzanja chidzakwera pa dzina lanu, masheya anu ndi amene adzagwidwe, mwinanso katundu wa m'nyumba. Limeneli ndi pempho lomwe lija litavala malaya ena, ndipo yankho lake ndi lomwelo.

Amayi anu, ngati alipo, muwauze inu nokha tsiku lomwelo kapena lotsatira, mwachidule ndi mopanda kuwanyoza achimwene. Nkhani zotere zimakafika kwa makolo, ndipo amene wafika koyamba ndi amene amaumba mmene zimvekere. Simukupita kukapempha chilolezo kapena kukasuma, koma kukawadziwitsa kuti mwalephera kuthandiza pa chifukwa chakuti, ndipo kuti mulibe nawo mangawa achimwene.

Ntchito yaikulu ili m'masabata otsatira. Wokana nthawi zambiri amachita manyazi n'kuyamba kuzemba, ndipo wokanidwa amatanthauzira kuzembako ngati kunyada. Inu muchite zosiyana. Imbani foni patapita masiku ochepa kufunsa za ana, tumizani ndiwo mukabwera kunyanja monga kale, ndipo pitirizani kuwadziwitsa nkhani za mbumba zimene mwini mbumba ayenera kudziwa: mwana akadwala, akakhoza mayeso, kapena pakabwera munthu wofunsira mbeta. Kuwafunsa nzeru pa zinthu zotere kumawabwezera ulemu umene akuona ngati wachepa, ndipo kumawauza mopanda mawu kuti munakana ndalama, simunakane uchimwene wawo.

Yembekezerani kuti adzazizira kwa kanthawi. Moni waufupi, foni yosayankhidwa kamodzi kapena kawiri, ngakhale mawu olasa pang'ono amene angakufikeni kudzera mwa alamu anu, zonsezi ndi kukhumudwa wamba, ndipo musaziyankhe kapena kuthamangira kusintha maganizo chifukwa cha izo. Zizindikiro zoti chibale chayamba kung'ambika ndi zina: uthenga wa maliro, sadaka kapena chinkhoswe cha pamtundu ukamakufikani kudzera mwa anthu akunja, ana awo akaletsedwa kubwera kwanu, kapena akakana kukhalapo pa nkhani ya mwana wanu imene imafuna malume. Mukaona zimenezo musadikire kuti zipole zokha, ndipo musalimbane nawo pa awiri. Pitani kwa malume anu kapena kwa amayi aakulu amene nonse mumawamvera, muwapemphe kuti akukhazikeni pansi, ndipo pabwalo limenelo mukanene zomwe zija munanena poyamba, popanda kuwonjezera milandu yakale.

Zonse ndanenazi ndi za pempho la bizinesi, limene likhoza kudikira ndipo lili ndi makomo ena ogogodapo. Tsiku limene achimwene adzabwere chifukwa mwana wagonekedwa m'chipatala kapena pagwa zovuta, masamu ake ndi ena, ndipo pamenepo mudzathandize mmene mungathere ngakhale patakhala pofunika kukhudza mpamba pang'ono. Mukhoza kuwauza zimenezi poyera pa tsiku lokanalo, kuti pa matenda ndi pa maliro asadzazengereze kukuimbirani ngakhale pakati pa usiku.