Foni yasiya kumva chala, ikufuna pini yomwe ndinaiwala

*Amisiri, ndili ndi Tecno Spark. Mwana wanga anandiikira zotsegula ndi chala ndipo pini sindinaisamale. Dzulo batire inatha, nditatchaja ikukana chala, ikufuna pini. Muli zithunzi za ukwati wa mwana wanga wamkazi. Ena akuti ndikafulashitse. Ndithandizeni.*

Amayi, foni yanu sinawonongeke ayi. Foni iliyonse ya Android ikazima n'kuyakanso, imakana chala mpaka mutalemba pini kamodzi. Imateronso pakapita maola 72 pini isanalembedwe. Kiyi weniweni wa zomwe zili m'fonimo ndi pini, chala chimangokufupikitsirani njira. Pini isanalowe, zithunzi ndi mauthenga anu zimakhala zomangidwa mwakuti ngakhale ine nditalumikiza foniyo ku kompyuta sindingawerengemo kanthu. Kale kunali batani la Forgot pattern lothandiza munthu amene waiwala loko, koma linathera pa Android 4.4.

Choyamba siyani kulemba manambala mongoyerekeza. Mukaphonya kangapo foni imayamba kukudikiritsani, ndipo mukamapitiriza nthawi yodikirayo imatalika. Imbirani mwana amene anaika uja. Ambiri amene amabwera ndi vuto ili, pini imapezeka kuti ndi chaka chobadwa, 1234, kapena manambala omaliza a nambala yawo ya foni. Lembani papepala atatu kapena anayi amene mukuwaganizira kwambiri, muyese amenewo okha, modekha.

Akakanika, njira yatsala imodzi: kufufuta zonse kuti foni ibwerere mmene inalili pogula. Kufulasha kumene akukuuzaniko nako kumafufuta zonse. Munthu akakulonjezani kuti achotsa pini zithunzi n'kutsala, musamupatse ndalama.

Koma musafufute musanachite ichi, ndipo apa ndi pomwe ndimalimbana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Kuyambira pa Android 5.1, foni yokhala ndi loko ikafufutidwa ndi mabatani, poyakanso imafunsa akaunti ya Google yomwe inalimo kale. Anachita zimenezi kuti wakuba asamangofufuta n'kukagulitsa. Ndiye ngati imelo ndi pasiwedi yake simukuzidziwa, muchoka pa loko woyamba n'kukagwera pa wachiwiri, zithunzi zitapita kale. Vuto ndi loti anthu ambiri akaunti anawatsegulira ndi mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni, iwo n'kungonyamula foni n'kumapita, osafunsa n'komwe kuti walembamo chiyani. Zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa kufunsako sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Chitani chonchi. Bwerekani foni ina kapena kompyuta, mutsegule accounts.google.com, mulowe ndi imelo yanu. Mukalowa, pitani pa photos.google.com muone ngati zithunzi za ukwatizo zilipo, kenako pa contacts.google.com muone manambala a anthu anu. Zomwe mwaziona pamenepo ndi zimene zipulumuke. Zimene simunazione, ngati sizili pa memori khadi kapena kwa abale amene munawatumizira pa WhatsApp, zipita. Zithunzi za ukwati nthawi zambiri zimapezeka m'magulu a pabanja, choncho funsani kaye musanataye mtima. Ngati pasiwedi mwaiwala, tsegulani g.co/recover. Ngati nambala yanu inalembedwa pa akauntiyo, Google imatha kutumiza manambala otsimikizira pa meseji, ndiye chotsani simu khadi m'foni yokiyikayo muiike m'foni yobwerekayo kuti mesejiyo muione. Mukasintha pasiwedi, musathamangire kufufuta: dikirani maola 24, apo ayi foni ikhoza kukana pasiwedi yatsopanoyo ngakhale ili yolondola. Ine sindigwira batani lofufutira kufikira mwini foni atalowa mu akaunti yake pamaso panga. Ena amakwiya, amati ndikuwachedwetsa, koma ndi bwino achedwe tsiku limodzi kusiyana n'kubwerera kunyumba ndi foni yosatseguka.

Kufufuta kwenikweniko n'kwachidule. Chotsani memori khadi, zimitsani foni, gwirani pamodzi batani loyatsira ndi lokwezera mawu. Pakabwera mawu oti No command, gwirani loyatsira n'kudina lokwezera mawu kamodzi. Sankhani Wipe data/factory reset, kenako Reboot system now. Ikayaka ilumikizeni ku intaneti, mulowe ndi akaunti ija.

Tsopano poikanso loko, ikani nokha, mwana akhale pambali azingokuonetsani. Pitani ku Settings > Security > Screen lock > PIN. Pa mafoni ena mayinawa amasiyanako pang'ono. Ikani manambala 6, osati 4. Manambala 4 ali ndi njira 10,000 zokha, pamene manambala 6 ali ndi njira 1,000,000. Koma kutalikako sikuthandiza ngati mwaika 123456, 000000 kapena tsiku lanu lobadwa, lomwe lili pa chitupa cha unzika m'kachikwama komwe mumasungamo foniyo. Ndipo isafanane ndi pini ya Airtel Money kapena ya Mpamba. Foni mumaitsegula m'minibasi anthu akuona, ndiye amene waona zala zanu asatengere pomwepo kiyi wa ndalama zanu. Tengani manambala amene ali ndi tanthauzo kwa inu nokha, monga awiri omaliza a manambala a foni a abale atatu osiyana, mwa dongosolo lomwe mukulidziwa inuyo. Alembeni m'kope pamodzi ndi imelo ndi pasiwedi ya Google, kopelo likhale m'sutikesi kunyumba. Osati kapepala kuseri kwa kava ya foni, chonde.

Mukatero pitani pa Fingerprint. Chala chikhale chouma, chopanda mafuta odzola, ndipo foni muigwire mmene mumaigwirira masiku onse. Poika, muzisuntha chala pang'onopang'ono kuti igwire pakati, m'mbali ndi kunsonga. Mafoni ambiri amalola zala zinayi kapena zisanu, choncho ikani za manja onse awiri. Mizere ya pachala imafufutika ndi kuchapa, khasu ndi simenti, ndipo nthawi yolima chala chomwe chinkatsegula bwino chimayamba kukanidwa. Chikakanidwa kasanu motsatizana foni imachiimitsa kaye n'kufuna pini. Zikayamba kutero chifufuteni muikenso. Amene mafoni awo amawerengera chala pansi pa sikirini, vuto lawo kawirikawiri ndi galasi lotetezera lotchipa lokhuthala ngati la pawindo, kapena sikirini yotchipa yomwe anaikitsa yoyamba itasweka. Sikirini zambiri zoterezi sizilola kuwerenga chala n'komwe, munthu n'kumati foni yafa pamene anaipha yekha pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Mukamaliza zonse, zimitsani foni muiyatsenso pomwepo, mulembe pini yatsopanoyo osayang'ana m'kope. Masiku oyambirira muzitsegula ndi pini m'mawa uliwonse ngakhale chala chikugwira ntchito, mpaka dzanja lizolowere. Muyatsenso Backup mu Google Photos kuti zithunzi zizisungika pa akaunti yanu.

Chenjezo limodzi pobwezeretsa simu khadi: foni ikafunsa SIM PIN, imeneyo ndi ina, si ya sikirini. Mukaphonya katatu ifuna PUK, nambala yotsegulira simu khadi yokiyika, ndipo PUK mukaiphonya kakhumi simu khadiyo yafa. Pamenepo musayerekeze, tengani chitupa chanu mupite ku ofesi ya kampani ya netiweki yanu akakupatseni PUK.