Mwana wanga wakwanitsa miyezi 7 koma sakhala pansi

“Amayi, ndithandizeni. Mwana wanga wamwamuna anabadwa pa 3 Malichi mimba ili ndi masabata 31, ndipo tinakhala m'chipatala pafupifupi mwezi wathunthu. Lero wakwanitsa miyezi 7 koma sakhala pansi yekha, pomwe wa aneba amene anabadwa mwezi womwewo wayamba kukwawa. Kusikelo analemera makilogalamu 6.3 ndipo kadontho kake kanagwera pansi pa mzere. Apongozi akuti pali chimene ndinalakwitsa. Adokotala anangoti ‘tiwerengera korekitedi eji’, ine osamva. Kodi mwana wanga ndi wolumala?” (Mayi wa ku Chawama)

Amake mwana, tengani khadi lanu la sikelo ya amayi apakati, lija munkapita nalo mimba isanathe. Penapake pali zilembo zitatu, EDD, ndi deti pambali pake. Limenelo ndi tsiku limene anamwino ankayembekezera kuti mudzachira, mimba itakwana masabata 40. Mwa zimene mwandiuza, deti lakelo liyenera kukhala pafupi ndi 5 Meyi, chifukwa kuchoka pa masabata 31 kufika pa 40 patsala masabata 9, ndipo masabata 9 kuchokera pa 3 Malichi akutifikitsa pa 5 Meyi.

Tsopano werengani miyezi kuyambira pa 5 Meyi kufika lero, pa 3 Okutobala. Mupeza miyezi 5, kuperewera masiku awiri. Umenewo ndiwo msinkhu umene adokotala ankanena. Mwana wanu ali ndi misinkhu iwiri: wa tsiku limene anabadwa, miyezi 7, ndi wa tsiku limene anayenera kubadwa, miyezi 5. Pankhani ya kukhala pansi, kukwawa, kuyenda ndi kuyankhula, dokotala amamuyeza ndi wachiwiriwo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ubongo ndi mitsempha zimakula pa liwiro lake kuyambira pamene mimba inaima, ndipo kutuluka msanga sikuzifulumizitsa. Masabata 9 amene wa aneba anakhala m'mimba akukhwima, wanu anawathera m'kabokosi kotenthetsa ana ndi pachifuwa panu, mutam'manga ndi chitenje monga amachitira pa kangaru. Ntchito imene thupi lake linkagwira inali yomweyo, malo okha ndiwo anasiyana. Chimanga chodzala mu Novembala ndi chodzala mu Januwale simungazifunse ngaiyaye tsiku limodzi.

Ndiye funso lenileni ndi ili: kodi mwana wa miyezi 5 amayenera kukhala pansi yekha? Ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, litatsatira ana athanzi m'maiko angapo linapeza kuti kukhala pansi popanda chomugwira kumayamba nthawi ina iliyonse kuchokera pa miyezi ngati 4 mpaka kupitirira pang'ono miyezi 9. Mpata wake ndi waukulu chomwecho. Kwa mwana wanu, miyezi 9 yowerengera pa EDD ikwana kumayambiriro kwa Febuluwale chaka chamawa, pamene abale azidzati ali ndi miyezi 11. Akadzafika pamenepo asanakhale, mpamene tidzanene kuti wachedwa ndipo ayenera kupimidwa bwinobwino.

Koma sindikufuna kuti mungopinda manja kudikira Febuluwale. Pali zimene mwana wa miyezi 5 ayenera kumachita, ndipo mutha kuziona nokha madzulo ano. Yalani chitenje pamphasa, mwana atakhuta koma ali maso. Mugonekeni chagada, gwirani timanja take tonse tiwiri ndi kumukoka pang'onopang'ono ngati mukumukhazika. Yang'anani mutu. Uyenera kubwera limodzi ndi thupi, osati kutsalira m'mbuyo uli lende. Kenako mugonekeni chafufumimba: ayenera kudzutsa mutu ndi chifuwa atatsamira pamikono, n'kumayang'ana uku ndi uku. Mutembenuzeninso, mulendewetse supuni kapena chivindikiro cha botolo chofiira pamwamba pa chifuwa chake. Maso achitsatire, dzanja litambasuke, akachigwira apite nacho kukamwa. Yesani mbali zonse ziwiri, chifukwa chimene dokotala amafuna kuona n'chakuti manja onse akugwira ntchito mofanana. Pomaliza, wina aime kumbuyo kwake kumene sakumuona, amuitane kapena agwedeze makiyi. Atembenuke, kapena asiye zimene amachita n'kutchera khutu. Ngati akuchita zimenezi, akuseka mokweza mukamamusewera, akutulutsa timawu take, ndiye kuti ali pamene mwana wa miyezi 5 ayenera kukhala.

Kadontho ka kusikelo kaja nakonso n'chimodzimodzi, ndipo apa mpamene amayi ambiri amalirira pachabe. Khadi la ana osakwana zaka 5 lili ndi mizati ya miyezi, ndipo kawirikawiri wolemba amangowerenga kuchokera pa mwezi wobadwa. Sindikuwanena, pamzere pakhala amayi odzaza mabenchi onse, ana akulira, ndani angafunse aliyense kuti mimba inali ya masabata angati? Pa tchati cha WHO cha ana aamuna, mzere wam'munsi umene umachenjeza za kuchepa thupi uli pa makilogalamu 6.7 pa miyezi 7, koma pa miyezi 5 uli pa makilogalamu 6.0. Mwana wanu wa 6.3 mukamuika pa mzati wa miyezi 7 agwera pansi pa mzerewo. Mukam'bweza mizati iwiri, ali pamwamba pake. Ndi wochepa thupi ndithu, sitikana, koma sali pamene khadi likumuika. Ulendo wotsatira uzani anamwino musanamukweze pasikelo kuti anabadwa pa masabata 31, ndipo apempheni alembe zimenezo pakhadi, poonekera. Chimene muziyang'anitsitsa inu ndi kumene timadontho tikulowera mwezi ndi mwezi. Tikamakwera, zili bwino. Tikagona chopingasa miyezi iwiri yotsatizana, kapena kutsika, limenelo ndi vuto pa msinkhu uliwonse umene mungawerengere.

Pali chinthu chimodzi chimene sitichotsera masabata ngakhale pang'ono: katemera. Katemera amatsata tsiku lobadwa lenileni. Uja wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amawerengedwa kuchokera pa 3 Malichi, ndipo wa chikuku wa pa miyezi 9 akumuyembekezera kumayambiriro kwa Disembala, osati Febuluwale. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala kuti sanalandire chitetezo chokwanira kwa mayi ake, pakuti chambiri chimawoloka m'miyezi yomaliza ya mimba, ndiye kumuchedwetsera katemera n'kumusiya pambalambanda. Ndinaonapo mayi wina atauzidwa ndi achibale kuti “kamwanaka n'kanthete, jekeseni ikapha”, ndipo anabwera nako katadwala chifuwa chokoka mtima. Ngati pali katemera amene munadumpha, pitani sabata ino.

Za phala simunafunse, koma ndikudziwa apongozi afunsa kale. Pamenepa madokotala samangowerenga kalendala. Amaona ngati khosi lalimba, ngati mwana akukhala mowongoka mukamutsamiritsa, ndiponso ngati wasiya kukankha chakudya ndi lilime. Kambiranani ndi amene amamuona kuchipatala, ndipo muwafunsenso za mankhwala a madontho oonjezera magazi, chifukwa ana otere sachedwa kuchepa magazi.

Tsopano ndinene mbali imene ena sakonda kuimva. Kuchotsera masabataku kumafotokoza kuchedwa kokha. Sikufotokoza kachitidwe kachilendo. Mwana amene miyendo yake imauma gwa ndi kupingasana ngati sizasi mukamunyamula m'khwapa, amene amapinda msana chambuyo kawirikawiri, kapena amene thupi lake lili lobodoka ngati nsanza yonyowa, ameneyo sitinena kuti “tidikire akwanitse”. Chimodzimodzi amene manja ake ali chifumbatire nthawi zonse pa msinkhu uno, kapena amene akugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha linalo lili phee. Anthu amasekerera kuti “ameneyu adzakhala wamanzere”, koma mwana asanakwane chaka sayenera kusankha dzanja. Akatero, nthawi zambiri n'kuti linalo ndi lofooka. Maso osatsatira nkhope yanu, kusadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, mutu wokula mofulumira ndi liwombo lotupa, kukomoka, ndi kusiya chinthu chimene ankachita kale, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala osayang'ana kalendala. Ana obadwa msanga ali pachiopsezo chokulirapo cha matenda oumitsa ziwalo ndiponso mavuto a maso ndi makutu, n'chifukwa chake amawaitana kukaonedwanso akatuluka. Ngati munapatsidwa deti lobwerera ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka kapena kumene munachirira, musalidumphe poti mwana akuoneka bwino. Ngati simukukumbukira kuti anamuyeza maso ndi makutu, funsani. Mafizo, aja olimbitsa ziwalo, amathandiza kwambiri akayamba mwana akadali wamng'ono.

Malire ena ndi a nambala yeniyeniyo. Kuwerengera konseku kwaima pa 31 uja. Ngati anachokera pa sikani ya m'miyezi itatu yoyamba, ndi wodalirika kwambiri. Ngati anachokera pa tsiku limene munasamba komaliza, kapena anamwino anachita kuyerekeza poona khungu, makutu ndi mizere ya kuphazi mwana atabadwa, akhoza kuphonya ndi sabata imodzi kapena awiri. Choncho musamawerenge masiku ngati ngongole ya kaloba. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga: kuchotseraku n'kwa ana obadwa masabata 37 asanakwane. Mwana amene anabadwa masiku atakwana koma ali wochepa thupi, tinene makilogalamu 2.2, sitimuchotsera kanthu. Iye akachedwa, wachedwadi, ndipo chifukwa chake chifufuzidwe.

Kodi muzichotsera mpaka liti? Madokotala ambiri amatero mpaka mwana atakwana zaka 2, ena mpaka 3 kwa amene anabadwa msanga kwambiri, masabata 28 asanakwane. Sikuti pa tsikulo pamachitika chozizwitsa ayi. Kungoti miyezi iwiri imalemera mosiyana: pamene mwana wanu anali ndi miyezi 4, miyezi iwiri inali theka la moyo wake wonse, koma pa miyezi 24 kusiyana kwa 22 ndi 24 kumabisika m'kusiyana kumene ana onse amakhala nako. Kuyenda kudzakupezani mudakali m'nthawi yochotsera. Ana ambiri amakhala atayenda okha pofika miyezi 18, ndiye kwa wanu tidzayang'ana pa Novembala wa chaka chamawa, ali ndi miyezi 20 ya chibadwire.

Apongoziwo musalimbane nawo ndi mawu a kuchipatala. Atengereni khadi lija, muwaonetse 5 Meyi, muwafunse kuti mwana wobadwa mu Meyi, mbatata zikukumbidwa, angakhale pansi pofika lero? Analera ana, ayankha okha. Kenako apempheni agwire makiyi aime kumbuyo kwa mdzukulu wawo, inu muyang'ane ngati atembenuke. Mundilembere zimene muone pamphasapo, makamaka za mutu ndi manja.