Ulendo wa ku Mzuzu ndi ana atatu komanso matumba awiri: mukonze ndalama zingati?

"Tikupita ku Mzuzu ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu, wa zaka 11, wa zaka 7 ndi wa zaka 2. Tili ndi zikwama ziwiri ndi matumba awiri a feteleza. Ku depoti ku Lilongwe andiuza kuti wamkulu ndi K30,000. Tonse tikonze zingati?"

Mayi, m'basi ndalama mumalipirira mpando. Kondakitala sayang'ana kwambiri zaka za mwana, amayang'ana malo amene mwanayo atenge. Wa zaka 2 uja mumufukata pamiyendo, ndiye kawirikawiri salipira. Nkhani ili pa awiri enawo.

Akuluakulu awiri ndi K60,000. Akavomera kuti ana onse awiri alipire theka, aliyense ndi K15,000, zonse pamodzi K90,000. Koma wa zaka 11 ngati ali wothamanga msinkhu, makondakitala ambiri amamuwerengera ngati wamkulu, ndiye zifika K105,000. Akakaniratu theka, ndi K120,000.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsana. Akakuuzani kuti mwana ndi theka, funsani pomwepo kuti, "Thekalo ndi la mpando wakewake?" Nthawi zambiri mwana wa theka amakhala bwinobwino pochoka ku depoti, koma basi ikafika pa Mponela kapena pa Kasungu n'kukwera anthu ena, mumva kondakitala akuti, "Amayi, mwanayo mumunyamule." Inu muli kale ndi wamng'ono pamiyendo, ndipo ku Mzuzu ndi mtunda wopitirira makilomita 300. Ine ndikanakhala inu, wa zaka 11 ndikanamulipirira mpando wonse, theka n'kulimenyera pa wa zaka 7, amene angathe kupanikizana ndi mkulu wake zikavuta.

Zikwama za zovala sakonda kulipiritsa. Matumba a makilogalamu 50 amalipiritsa, ndipo ku depoti mtengo wake umatuluka pokambirana. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K5,000 thumba limodzi: ndi K10,000 yowonjezera. Ulendo wonse ugwera pakati pa K100,000 ndi K130,000, ndiye m'thumba mukhale yokulirapoyo.

Mtengo wa matumba mugwirizane akadali pansi. Akangolowa kunsi kwa basi, mphamvu yonenerera yatha, chifukwa palibe amene angawatulutsenso. Musapereke ndalama kwa anyamata oitanira amene amakuthamangirani pachipata n'kukulandirani katundu. Perekani kwa kondakitala amene ali ndi buku la matiketi, ndipo alembe pa tiketi anthu amene mwawalipirira, ana a theka, ndi matumba awiriwo. Tiketi ikangolembedwa anthu okha, dziwani kuti za katunduyo angakufunseninso potsika. Wokweza matumba nayenso amayembekeza kangachepe kake, choncho sungani ndalama zing'onozing'ono padera.

Mukasankha mabasi ogula tiketi ku ofesi, malamulo ake ndi ena: aliyense amakhala ndi mpando wake, ndipo kampani iliyonse ili ndi malire ake a zaka za ana ndi kulemera kwa katundu. Pogula tiketi muwauziretu za fetelezayo kuti asadzamukane tsiku la ulendo. Mtengo wa K30,000 uja muufunsenso dzulo lake, poti mafuta akakwera nawonso umasintha.