Kudziwa kiyi ya nyimbo pongoona mashapu ndi mafulati

"Ndangoyamba kiyibodi kukwaya kwathu. Solofa ndimaidziwa, koma chozungulira chija cha makiyi chokhala ngati wotchi chikundizunguza mutu. Ndingaloweze bwanji mashapu ndi mafulati?"

Achimwene, poti solofa mumaidziwa, musavutike ndi kuloweza chithunzicho. Mutha kuchijambula nokha. Lembani C pamene pamakhala 12 pa wotchi. So wa C ndi G, ndiye G akhale pa 1. Tsopano G asanduke do, so wake ndi D, pa 2. Mukapitiriza mupeza A, E, B, kenako F# pa 6. Nambala ya olalo ndiyonso kuchuluka kwa mashapu: D ali ndi 2, E ali ndi 4.

Shapu imawonjezeka pa chifukwa. Mu C, noti ya F ndi fa. G akakhala do, pafunika ti wogundana naye, koma F watsika kwambiri. Mukamukweza kukhala F#, khutu limakhutira. Zimatero ulendo uliwonse: fa wakale amakwezedwa n'kukhala ti watsopano.

Ndiye shapu yomaliza ndi ti nthawi zonse. Mwaona F#, C#, G# koyambirira kwa mzere? G# ndi ti, kwerani batani limodzi, do ndi A. Yomaliza tikunena yakumanja kwenikweni, osati imene yalembedwa pamwamba kuposa zinzake. Ambiri amasokonezeka pamenepa.

Mashapu amabwera motere: F C G D A E B. Gwirani zilembo zoyamba za chiganizo ichi: "Funsani Chikondi, Galu Dzulo Analuma Eniake Bwanji?" Mafulati ndi zilembo zomwezo chobwerera m'mbuyo: B E A D G C F.

Kumanzere kwa wotchi kuli F, Bb, Eb, Ab, Db, Gb, ndipo kumeneko fulati yomaliza ndi fa. Mukaona Bb, Eb, Ab, Db, imbani chotsika kuyambira pa Db: fa, mi, re, do. Mwafika pa Ab, yemwe ndi fulati yachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo ambiri amangoyang'ana imeneyo. Koma njira yachiduleyi sigwira pa F, popeza ali ndi fulati imodzi yokha, Bb. N'chifukwa chake ine ndimakonda ya fa.

Pa kiyibodi, kuchoka pa do kufika pa so ndi mabatani 7, kuwerenga oyera ndi akuda omwe, osawerengera loyambira. Mukamangowerenga oyera anayi kuchoka pa do, mulakwitsa do akakhala B: mufika pa F, pamene so weniweni ndi F#. Dinani B ndi F pamodzi mumve mmene akukanirana, kenako B ndi F#.

Musanayambe kuimba, onaninso noti yomaliza ya besi. Nyimbo ya mashapu 3 ikathera pa F# m'malo mwa A, ndiye kuti yakhazikika pa la, mabatani 3 pansi pa do. Mashapu ndi omwewo, koma nyimboyo ikupumira pa kodi ya F#m, kutanthauza manoti a F#, A ndi C# odinidwa pamodzi.